Ayisi wa mufiriji: wochotsa ndani, inu kapena makina?

Malangizo awa ndi a mafiriji a m'nyumba ogwiritsa ntchito magetsi a 230V, amene timalandira kuno ku Zambia. Zomasula katoni, kuchotsa mapulasitiki ndi kulumikiza pulagi sitichedwa nazo. Chokumbukira pamenepo ndi chimodzi: ngati firiji yabwera chogona pagalimoto, iimikeni maola angapo musanaiyatse, kuti mafuta a mu kompuresa, kainjini kakumbuyo kopopa gasi woziziritsa, abwerere m'malo mwake.

Firiji iliyonse imapanga ayisi. Nthawi zonse mukatsegula chitseko mumalowa mpweya wofunda wokhala ndi chinyezi, ndipo chinyezicho chikakhudza chitsulo chozizira kwambiri chimaundana pomwepo. Chakudya chosavundikira nachonso chimatulutsa nthunzi. N'chifukwa chake ayisi amakula msanga m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, kusiyana ndi mu Juni. Mitundu iwiri ya mafiriji imasiyana pa malo amene ayisiyo amamera ndi pa amene amamuchotsa. Yang'anani pa katoni kapena pa chitseko. Ngati palembedwa Direct Cool, kapena palibe cholembedwa chilichonse koma firiji ili ndi chitseko chimodzi ndi kabokosi ka ayisi pamwamba, wochotsa ndinu. Ngati palembedwa Frost Free kapena No Frost, makina amachotsa okha.

Firiji yosungunula inu nokha

Mu mtundu uwu, makoma a kabokosi ka ayisi ndiwo chitsulo choziziritsa chenichenicho. Mukawayang'anitsitsa mudzaona timizere totukuka tokhotakhota. Timeneto ndi tinjira ta gasi, ndipo chitsulo chake ndi chopyapyala kwambiri. Mulibe fani. Mpweya wozizira umangotsika wokha chifukwa ndi wolemera, wofunda n'kukwera, choncho ayisi amamera poonekera.

Buku la wopanga limati: sungunulani ayisi akafika mamilimita 5 kapena 6 kuchindikala. Kwa amene alibe rula pafupi, kumeneko n'kuchepera pang'ono kunenepa kwa pensulo. Ambiri amadikira mpaka kachitseko ka kabokosi kakukanika kutseka, poganiza kuti ayisi wambiri ndiye kuzizira kwambiri. Ayi. Ayisi wochindikala amatchinga chitsulo kuti chisakoke kutentha kwa m'kati, kompuresa imalira nthawi yaitali, mayunitsi amatha msanga, koma mkaka wa pa shelefu ya m'munsi n'kumasasa.

Kasungunulidwe kake n'kotere. Tulutsani nyama ndi nsomba, muzikulunge m'manyuzipepala kapena m'bulangete, muziike pamodzi pamalo a mthunzi. Ngati pakati pa kogudubuza ka manambala pali batani, nthawi zambiri lolembedwa Defrost, likanikizeni kamodzi. Batanilo silitenthetsa kanthu, limangoimitsa kompuresa, ndipo ayisi akatha limatumphuka lokha firiji n'kuyambanso kulira. Musalikoke ndi pulayala poona ngati lakanirira. Ngati batani palibe, zimitsani pa soketi ndi kuzula pulagi. Siyani chitseko chotsegula, onetsetsani kuti thireyi ya pansi pa kabokosi ili m'malo mwake, ndipo yalani chiguduli pansi chifukwa thireyiyo imasefukira ayisi akakhala wambiri.

Mukafuna kufulumiza, ikani mbale ya madzi otentha m'kabokosi, pamwamba pa kansalu kopinda, muzisintha madziwo akazizira. Zibuma za ayisi zikayamba kusomphoka, zikankheni ndi dzanja kapena ndi kachikombe ka pulasitiki kamene kamabwera ndi firiji.

CHENJEZO: Musagwiritse ntchito mpeni, foloko, sikuludiraiva kapena chida china chilichonse chakuthwa pochotsa ayisi. Musagwiritse ntchito chipangizo china chofulumizira kusungunula kupatula chimene wopanga wavomereza.

Mawu amenewo ali m'buku lililonse, koma chifukwa chake sachifotokoza mokwanira. Nsonga ya mpeni ikangoboola kanjira kamodzi, mumamva kuti tsii, gasi yense wapita. Kumata chitsulo chimenecho n'kovuta, ndipo madzi a ayisi wosungunuka akalowa pa bowolo amawononga ndi m'mapaipi momwe, moti mtengo wokonzera umatha kuyandikira wa firiji ina. Komanso mafiriji ambiri atsopano ali ndi gasi wa R600a, amene amayaka moto. Dzinali mulipeza pa kachikwangwani kakumbuyo kapena pa kompuresa. Mukaboola mwangozi, tsegulani mawindo, musayatse machesi kapena kandulo, mbaula ikhale kutali, kenako itanani okonza.

Ayisi akatha, pukutani m'kati mpaka muume. Apa m'pamene ambiri amadumpha. Mukayatsa makoma ali onyowa, ndiye kuti mwayamba kale kupanga ayisi watsopano. Potsuka, sopo wa mbale pang'ono kapena soda m'madzi ofunda n'zokwanira.

Pali mafiriji ena a zitseko ziwiri amene ali pakatikati, ndipo amasokoneza anthu. Firiza yake mumasungunula nokha monga tafotokozera, koma chipinda cha zakudya chili ndi khoma lakumbuyo limene limachita timadontho ta ayisi kompuresa ikamalira, n'kusungunuka ikapuma. Madontho otsetsereka pa khomalo si vuto. Amatsikira m'kangalande kokhala ndi kabowo pakati. Ntchito yanu n'kuona kuti kabowoko sikanatsekeke ndi nyenyeswa, ndiponso kuti mapaketi sakugunda khoma, apo ayi amamatirira pomwepo.

Firiji yosungunula yokha

Umu chitsulo choziziritsa simuchiona. Chabisika kuseri kwa chivundikiro cha pulasitiki kumbuyo kwa firiza, ndipo kafani kamakoka mpweya kuudutsitsa pamenepo n'kuukankhira m'zipinda zonse kudzera m'timazenera. Ayisi amamerabe, koma pa chitsulo chobisikacho. Kawiri, katatu kapena kanayi pa tsiku, malinga ndi mtundu wake, kowerengera nthawi kamaimitsa kompuresa ndi fani n'kuyatsa hita imene ili pansi pa chitsulocho. Hita imagwira ntchito mphindi pafupifupi 20 mpaka 30, ndipo pali kachipangizo komva kutentha kamene kamaizimitsa ayisi akatha. Madzi amatsika m'kapaipi mpaka m'mbale imene ili kumbuyo, pamwamba kapena pambali pa kompuresa, ndipo kutentha kwa kompuresa kumawaumitsa. Mbaleyo simuyenera kuikhuthula tsiku ndi tsiku.

Choncho mukamva firiji yakhala chete, kenako kuthetheka, kudontha kapena kaphokoso ngati madzi ogwera pa chiwaya chotentha, musathamangire kusitolo. Ikugwira ntchito yake.

Buku limangoti "musatseke njira za mpweya" n'kupitirira. Kunena zoona, pamenepa m'pamene pagona ntchito yonse ya mwini wake. Mukagula nkhuku zambiri kapena mukadzaza mafulizitsi ogulitsa, musazipanikize mpaka kugunda timazenera takumbuyo. Siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Mpweya ukalephera kuyenda, firiza imakhala yozizira koma pansi pamafunda. Chachiwiri, mpweya wa mu firiji yotere ndi wouma, ndipo umayamwa madzi a chilichonse chosavundikira. Chibwabwa kapena repu wosiyidwa poyera amafota pofika mawa, nyama yosakulunga bwino imachita zigamba zotuwa zouma. Mangani m'mapulasitiki, vundikirani mapoto, ndipo ndiwo zotentha ziyambe zazizira kaye panja.

Tiyeni titsate vuto limodzi lofala kuchokera poyambira. Firiza ikuumitsa nyama bwinobwino, koma m'chipinda cha pansi mkaka ukusasa ndipo madzi akumwa sakuzizira. Mwapotokola nambala mpaka pamapeto, palibe chasintha. Choyamba tsegulani firiza, kanikizani ka switchi ka pachitseko ngati kalipo, mumvetsere. Fani ikuzungulira? Ngati ikumveka ngati ikukhula chinachake, ikugunda ayisi. Kenako yang'anani chivundikiro chakumbuyo. Mukaona chipale choyera chikutuluka m'timazenera kapena chivundikirocho chatukuka, ndiye kuti chitsulo chobisika chakwiririka ndipo mpweya ulibe podutsa kupita pansi.

Tulutsani zakudya, zulani pulagi, siyani zitseko zonse zotsegula tsiku lathunthu, maola 24. Maola awiri kapena atatu sakwanira, chifukwa ayisi wa kuseri amachedwa kusungunuka ngakhale kunja kukuoneka kouma. Madzi adzachuluka kuposa mbale yakumbuyo, choncho yalani ziguduli. Mukayatsanso, dikirani muone. Ngati firiji yachira ndipo papita mwezi ili bwino, n'kutheka kuti chitseko chinasiyidwa chosatseka bwino usiku wina, kapena munatseka timazenera. Koma ngati yagwira bwino masiku ochepa, mwina sabata imodzi kapena ziwiri, n'kubwereranso pomwe paja, ndiye kuti kusungunula kwa makina kwafa: hita yapsa, kapena komva kutentha, kapena kowerengera nthawi. Izi ndi zipangizo zosinthika. Wokonza akangofika n'kunena kuti "gasi watha" asanatsegule n'komwe chivundikirocho, mufunseni kuti nanga firiza ikuumitsa bwanji nyama. Gasi satha ngati makala. Amachepa pokhapokha pali pobooka, ndipo pobookapo payenera kupezeka asanathire wina.

Vuto lina ndi lopepuka. Mukapeza ayisi wosalala ngati galasi pansi pa firiza, kapena madzi pansi pa madirowa a ndiwo zamasamba, kapaipi kotaya madzi katsekeka. Zimitsani, sungunulani, thirani madzi ofunda pang'onopang'ono pa kabowoko mpaka muwamve akugwera m'mbale yakumbuyo. Waya wolimba ayi, amaboola.

Malaiti akamapitapita

Za ichi mabuku olembedwa kunja sanena zambiri, koma amene anaona chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo ZESCO ikuzimitsa magetsi maola ochuluka pa tsiku, akudziwa kuti firiji imavutika. Mu firiji yosungunula nokha, ayisi amasungunuka theka, malaiti akabwera n'kuundananso kukhala chimwala cholimba chimene chimamata kachitseko ndi thireyi. Musakoke mwamphamvu, mahinjesi ake ndi apulasitiki. Khuthulani thireyi magetsi asanabwere, ndipo musawerengere kuzima kwa malaiti ngati kusungunula, pokhapokha mutatulutsa madzi ndi kupukuta.

Firiza yodzaza, yosatsegulidwa, imasunga chakudya chili chouma pafupifupi masiku awiri, yodzaza theka tsiku limodzi. Chipinda cha pansi chimapirira maola anayi okha. Kabokosi ka firiji ya chitseko chimodzi musakaike m'gulu limeneli. Onani nyenyezi zojambulidwa pa kachitseko kake: imodzi ndi madigiri 6 pansi pa ziro, ziwiri ndi 12, zitatu ndi 18. Ka nyenyezi imodzi n'kosungiramo nyama ya masiku ochepa, osati ya mwezi. Mabotolo apulasitiki a madzi oumitsidwa, osadzaza mpaka pakamwa, amathandiza kusunga kuzizira m'mitundu yonse iwiri.

Magetsi akazima n'kubwera nthawi yomweyo, zimitsani pa soketi, mudikire mphindi zisanu musanayatse, chifukwa kompuresa imalephera kudzuka gasi asanakhazikike. Kachipangizo koteteza firiji kolumikiza pa soketi kamachita zimenezi kokha, ndipo n'kofunika kwambiri pa firiji yosungunula yokha yokhala ndi bolodi ya zamagetsi, imene imapsa msanga magetsi akabwera ndi mphamvu.

Ngati ayisi akubwerera msanga pa mtundu uliwonse, yesani labala wa pachitseko. Tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka, pamwamba, pakati ndi m'makona. Likasololoka popanda kulimba, mpweya wa panja ukulowera pamenepo usana ndi usiku. Tsukani labalayo ndi madzi ofunda a sopo, muyesenso. Akakhala wong'ambika kapena wouma gwa, musinthitseni.