Imelo yopempha kusintha njira ya kafukufuku

Ngati mafomu a mafunso akukanika kumudzi, musalembere woyang'anira kafukufuku wanu kuti zavuta basi. Mwachitsanzo, lembani kuti: "Bwana, ku Katete ndinagawa mafomu 120, koma anabwerera 35, ndipo ambiri ali ndi malembedwe a munthu mmodzi, chifukwa mwana wasukulu ndiye ankalembera mabanja angapo. Ndikupempha chilolezo chocheza ndi alimi 20 pamasom'pamaso, aliyense kwa mphindi 40."

Kenaka vomerezani poyera zimene mutaye: mayankho a anthu 20 sangaimire boma lonse, choncho funso la kafukufuku liyenera kusintha kuchoka pa "ndi angati" kupita pa "chifukwa chiyani". Musayambe kujambula mawu a munthu aliyense komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa isanavomereze kusinthaku, pakuti chilolezo chakale chinali cha mafomu okha.