Momwe mungawerengere ndalama zochokera ku Joni kuti mudziwe zofika m'manja

M'bale wanu akakuimbirani kuchokera ku Joni kuti watumiza marandi 2,000, musathamangire kukatenga fetereza pa ngongole ku Ulongwe, kuno ku Mozambique, musanawerenge. Ndalamayo imadulidwa katatu isanakufikeni: potumiza, posintha marandi kukhala mametikali, ndi potapa kwa ajenti. Manambala ali m'munsimu ndi achitsanzo chabe, chifukwa mitengo imasinthasintha. Inu muikemo a tsiku lomwe mukulandira.

Choyamba, mufunseni wotumizayo funso ili: "Achimwene, 2,000 ija ndi yonse yomwe mwapereka, kapena yotumizira mwalipira padera?" Ngati anapereka 2,000 yokha ndipo kampani yadulapo 100 yotumizira, ndiye kuti zosinthidwa ndi marandi 1,900. Mikangano yambiri ya pachibale imayambira pomwepa, wina akunena za ndalama yomwe yatuluka m'thumba, mnzake akuwerenga yomwe yalowa m'foni.

Chachiwiri, pezani mtengo wosinthira womwe kampaniyo yagwiritsa ntchito. Umalembedwa pa risiti kapena pa foni ya wotumizayo asanavomereze, choncho akujambulireni. Tinene kuti ndi mametikali 3.45 pa randi imodzi. Chulukitsani: 1,900 × 3.45 = 6,555. Awa ndiye mametikali olowa mu M-Pesa kapena e-Mola yanu.

Apa mpofunika kudekha, chifukwa pamtengo wosinthira mpomwe pamabisala phindu la kampani. Mtengo womwe mumauwona pa intaneti, kapena womwe Banco de Moçambique imalengeza, ndi wongoyerekezera, ndipo kampani yotumiza ndalama imakupatsani wotsikirapo. Tinene kuti tsikulo wolengezedwa ndi 3.55. Pa randi iliyonse mwataya masentavu 10, kandalama koti simungakatole pansi, koma pa marandi 1,900 akwana mametikali 190, ndipo risiti silingawatchule kuti ndi malipiro.

N'chifukwa chake kutsika kwa ndalama yotumizira kusakukopeni pakokha. Kampani ina ingadule marandi 30 okha, koma n'kusintha pa 3.30. Werengani: 1,970 × 3.30 = 6,501. Yooneka yotchipayo yakupatsani mametikali ochepa ndi 54 poyerekeza ndi ija yodula 100. Ndalama ikakhala yambiri kusiyanaku kumakulanso, poti mtengo wosinthira umakhudza randi iliyonse. Ine ndimati wotumiza aziyang'ana nambala imodzi yokha: pa marandi omwewo, kwathu alandira mametikali angati?

Chachitatu, chotsani yotapira. Imatengera kuchuluka kwa ndalama yomwe mukutapa, ndiye onani pa chikwangwani cha mitengo kwa ajenti kapena mufunseni musanayambe. Tinene kuti ndi 60. Zotsala ndi 6,495. Ngati mwakwera njinga yamoto kuchokera kumudzi ku Tsangano kudzatapa, ya mayendedwe muichotsenso. Ndipo ajenti akakhala alibe ndalama zokwanira m'bokosi, mukatapa kawiri mulipiranso kawiri.

Tsono yerekezani. Pa mtengo wolengezedwa uja, marandi 2,000 akanakhala mametikali 7,100, koma m'manja muli 6,495. Panjira patsala 605, kutanthauza pafupifupi mametikali 8 ndi theka pa 100 aliwonse.

Mukafuna kupempha ndalama ya chinthu chodziwika mtengo, werengani chobwerera m'mbuyo. Mukufuna 7,000 m'manja. Onjezani 60 yotapira, ikhala 7,060. Gawani ndi 3.45, mupeza marandi 2,047 mukakweza pang'ono. Ikanipo 100 yotumizira, ndipo m'bale wanuyo akonze 2,147. Muuzeni 2,200, chifukwa mtengo ungasinthe pofika tsiku lomwe alandire malipiro, ndipo yotumizira ingakwere ndalama ikachuluka.

Uthenga ukafika, samalani ndi kalembedwe. Kuno manambala nthawi zambiri amalembedwa mwa Chipwitikizi, choncho 6.555,00 MT ndi mametikali 6,555, ndipo kadontho kaja kakulekanitsa masauzande. Nambala ikasiyana kwambiri ndi yomwe mwawerenga, yang'anani kaye risiti: mwina yotumizira inadulidwa mkati pomwe inu mumayesa yalipiridwa padera, kapena munagwiritsa ntchito mtengo wa dzulo.

Marandi akabwera pamanja ndi munthu wa basi, ku banki mupeza mitengo iwiri, Compra ndi Venda. Wanu ndi Compra, wotsikawo, chifukwa banki ndiyo ikugula marandi anu. Ndipo amene akukagula katundu ku Dedza kapena ku Mwanza akumbukire kuti kusintha mametikaliwo kukhala makwacha pamalire n'kudulidwanso kachinayi. Afunse kuti mametikali 1,000 awapatsa makwacha angati asanatulutse ndalama m'thumba.