Akakufunsani za munthu amene munkamulemba ntchito

Anzanga a magolosale ndi malo ogona alendo kuno ku Zomba, bwana watsopano akakuimbirani kufunsa za mnyamata amene munamuchotsa ntchito katundu atasowa, musayankhe pafoni. Auzeni alembe kalata, ndipo mnyamatayo avomereze kaye.

Poyankha, lembani zokhazo zimene zili m'faelo: tsiku limene anayamba, tsiku limene anasiya, ndi ntchito imene ankagwira. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa wogwira ntchito ufulu wopempha chikalata chotere, ndipo chifukwa chimene anachokera chimalembedwamo iye akapempha.

Mawu oti "ndi wakuba" ndiwo amagwetsa anthu m'mavuto. Ngati khoti silinamupeze wolakwa, kumeneko n'kumuganizira chabe, ndipo angakusumireni kuti mwamuipitsira mbiri. Koma ngati munamuitana, n'kumumva mbali yake, n'kulemba zonse, mutha kunena kuti anachotsedwa atazengedwa mlandu wa kuntchito pa tsiku lakuti. Zimenezo muli nazo umboni.

Musamuyamikirenso monama pomumvera chisoni, chifukwa bwana winayo akaluza katundu adzaloza kalata yanu. Za matenda ake musazitchule n'komwe. Sungani kope la yankho lanu.