Momwe mungawerengere zotsatira za mayeso a katundu pa pailo yothira m'dzenje

Mwapatsidwa mapepala odzaza ndi manambala, mayeso atha, ndipo aliyense akudikira kuti munene mawu amodzi: pailo yakhoza kapena yalephera. Apa ndikunena za pailo ija yoboola dzenje ndi makina, kulowetsamo zitsulo n'kuthira konkire, ndiponso za mayeso oikankha pamutu ndi jeki, katundu akumawonjezeredwa pang'onopang'ono. Za kamangidwe ka zoyesera sindilowamo kwambiri. Tiyambire pa mapepala.

Choyamba musayang'ane manambala a kutitimira. Funani setifiketi yosonyeza kuti jeki ndi geji yake, komanso chida choyezera katundu chimene chimakhala pakati pa jeki ndi mtanda umene jekiyo imakankha, zinapimidwa posachedwa. Yerekezani nambala yolembedwa pa chidacho ndi ya pa setifiketi. Alipo ena obwereketsa zida amene amangoyenda ndi fotokope imodzi ya jeki ina, ndipo mukawafunsa amati zonse ndi za kampani imodzi. Ngati katundu anawerengedwa pa geji ya mafuta ya jeki yokha, dziwani kuti jeki imakhulana mkati mwake, choncho pokweza katundu geji imatha kusonyeza wochuluka kuposa amene wafikadi pa pailo. Kusiya chida choyezera katundu kumachepetsa ndalama pang'ono, koma kumakusiyani mukukayikira lipoti lonse. Onaninso tsiku limene konkire inathiridwa ndi zotsatira za makyubu ake.

Chachiwiri, tengani pepala la malamulo a pulojekiti n'kulemba pambali zinthu zitatu: katundu amene pailo inakonzedwa kuti isenze, katundu wamkulu wa mayeso, ndi malire a kutitimira amene wokonza pulani analola. Pailo imene idzakhale gawo la nyumba nthawi zambiri imayesedwa mpaka kamodzi ndi theka ka katundu wake. Pailo yongoyesera, imene ikhoza kutayidwa, imakankhidwa kawiri kapena kupitirira.

Titenge chitsanzo chimodzi kuti tiziyenda nacho. Pailo ya dayamita ya 600 mm, yotalika mamita 18, katundu wake 900 kN, yayesedwa mpaka 1350 kN. Pulojekiti yathu yalola 6 mm pa 900 kN ndi 12 mm pa 1350 kN. Malire amenewa ndi a chitsanzo chino chokha, inu mutenge a pa pepala lanu.

Tsopano chachitatu, ndipo apa ndi pamene ndichedwepo chifukwa ndi pamene ndinapsa chala. Musanakhulupirire kuti pailo yatitimira mamilimita mwakuti, tsimikizani kuti chimene chinasuntha ndi pailo, osati mtanda umene mageji amangidwapo. Geji siidziwa chimene chayenda. Imangoyeza mpata wa pakati pa mutu wa pailo ndi mtandawo. Mtanda ukakwera, geji imalemba kuti pailo yatsika.

Tsiku lina tinafika pa katundu wathunthu dzuwa lili paliwombo. Lamulo limene tinkatsatira linali loti katundu asawonjezeredwe mpaka kutitimira kutachepa kufika pansi pa 0.25 mm pa ola. Ola loyamba linadutsa, lachiwiri, lachitatu, singano za mageji zikungoyendabe. Malire anapyoledwa. Ine mtima unali utagamula kale kuti pansi pa dzenje panatsala matope, ndipo ndinauza mkulu wa ntchito kuti pailo ikukayikitsa. Usiku utagwa, katundu ali yemweyo, mageji anayamba kubwerera m'mbuyo kupitirira milimita imodzi. Pailo yosenza katundu siingakwere yokha. Apo ndiye ndinadziwa kuti tsiku lonse takhala tikuyeza dzuwa.

Chinachitika n'chakuti mitanda inali yachitsulo, yopanda chophimba, ndipo inakhomedwa nga nga mbali zonse ziwiri. Chitsulo chimatalika pafupifupi 0.012 mm pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Mtanda wa mamita 6 ukatentha ndi madigiri 20 umafuna kutalika pafupifupi 1.4 mm, ndipo ukasowa kotalikira umapindika. Pamwamba pake pakatentha kuposa pansi umabiriza msana m'mwamba, pakati penipeni pamene pali mageji. Cholakwika china chinali chakuti miyendo ya mitandayo inazikidwa pafupi ndi pamene panatsamira zibuma za konkire zimene jeki imakankhapo. Jeki ikayamba kunyamula zibumazo, nthaka imene zinali kupondereza imapepukidwa n'kutukuka pang'ono, miyendo ya mtanda n'kukwera nayo. Zimachitikanso chimodzimodzi mukagwiritsa ntchito mapailo ozikika okokedwa m'mwamba. N'chifukwa chake miyendo iyenera kukhala kutali, mamita awiri kapena kupitirira, ndipo pa pailo yaikulu mtunda umawerengedwa ndi madayamita angapo.

Ndiye pa mapepala mungazione bwanji? Lembani kutitimira motsatana ndi nthawi ya pa wotchi, osati ndi katundu yekha. Kutitimira kwenikweni kumayamba mwamphamvu katundu akangowonjezeredwa, kenako kumazirala. Kukakhala kuti kukukula masana n'kubwerera usiku, vuto ndi mtanda. Yerekezaninso mageji onse anayi. Akasiyana pang'ono, tengani nambala yapakati. Awiri a mbali imodzi akamathamanga kuposa anzawo, mwina jeki sinakhale pakati ndipo mutu ukupendekeka, kapena mtanda wa mbali imeneyo ndi umene ukusuntha. Woweruza mlandu ndi levulo yoyang'anira patali, yowerengera pa chizindikiro chokhazikika chimene chili kunja kwa malo onse oyesera. Ife tsiku limenelo levulo inalipo, koma palibe anaiwerenga chifukwa tinkati mageji ndi olondola kuposa iyo. Ndi olondoladi, koma mtanda ukakhala chete.

Ndipo musaganize kuti kubwereza mayeso pa pailo yomweyo kumakonza zonse. Pailo imene yasenzapo kale katundu imaoneka yolimba ulendo wachiwiri chifukwa nthaka yafinyika kale. Tinachita kuyesa pailo ina, ndipo mtengo wa kusamutsa zibuma zija unaposa kutali mtengo wa lona imene tikanaphimbira mitanda.

Mukakhutira kuti manambala ndi oona, chachinayi jambulani girafu, katundu chopingasa, kutitimira chotsika pansi. Mu chitsanzo chathu, ulendo woyamba: 0.7 mm pa 225 kN, 1.6 mm pa 450 kN, 2.7 mm pa 675 kN, ndi 4.1 mm pa 900 kN. Katundu atachotsedwa panatsala 1.8 mm. Ulendo wachiwiri: 6.4 mm pa 1125 kN, 9.2 mm pa 1350 kN, ndipo atachotsa panatsala 5.6 mm. Malire onse awiri sanapyoledwe, 4.1 ali pansi pa 6, ndipo 9.2 ali pansi pa 12. Ambiri amalekera pomwepa. Ine sindilekera apa chifukwa maonekedwe a mzere amanena zambiri kuposa manambala awiriwo.

Chachisanu, chotsani gawo limene ndi kufinyika kwa konkire yeniyeniyo. Pailo ndi mzati, ukaupondereza umafupika. Apa δ ndi kufupikako, P ndi katundu, L ndi kutalika kwa pailo, A ndi kukula kwa nkhope yake, ndipo E ndi kulimba kwa konkire pofinyika:

```
δ = P × L / (A × E)
A = 0.283 m²,  E = 30 000 000 kN/m²
P = 900 kN   →  δ = 1.9 mm
P = 1350 kN  →  δ = 2.9 mm
```

Kuwerengera kumeneku kumatenga ngati katundu yense wafika ku phazi. Zoona zake n'zakuti nthaka ya m'mbali imalandira wambiri m'njira, choncho kufupika kwenikweni kumachepera apa. Koma kumakupatsani muyeso. Pa 4.1 mm, gawo labwino ndi konkire chabe, phazi silinayende kwenikweni. Mukapeza kuti mutu watsika kwambiri kuposa nambala imeneyi katundu akadali wochepa, koma n'kubwerera pafupifupi konse mukamuchotsa, kayikirani thupi la pailo, mwina pali pamene inaonda kapena konkire inasakanikirana ndi dothi. Pamenepo itanitsani mayeso ogogoda pamutu.

Kumbukirani kuti pailo imasenza m'njira ziwiri, ndipo sizidzuka nthawi imodzi. Kugwirana kwa nthaka ndi m'mbali kumafika pachimake pailo itangotsika mamilimita ochepa, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a dayamita. Phazi limafuna kuyenda kwambiri, mpaka gawo limodzi pa magawo 10, kuti lipereke mphamvu zake zonse. Choncho mzere wathu, umene ukupindika mofatsa pambuyo pa 900 kN, ukusonyeza kuti m'mbali mukuyandikira pothera ndipo phazi layamba kulandira. Mzere ukathyoka mwadzidzidzi n'kugwa, kenako n'kuyambanso kulimba patsogolo, ndiye chizindikiro cha matope otsala pansi pa dzenje: pailo yatsika mpaka yawafinya. Ili ndi vuto la oboola othamangira kuthira konkire osayeretsa pansi, ndipo likapezeka pa pailo imodzi kawirikawiri lili pa zinzake zimene gulu lomwelo linaboola.

Chachisanu ndi chimodzi ndi funso la mphamvu yotsala. Eurocode 7, buku la malamulo a ku Ulaya a za nthaka ndi maziko, imati pamene kulephera sikukuonekera bwino, mutenge kutsika kwa gawo limodzi pa magawo 10 a dayamita, kwa ife 60 mm. Tili kutali nako. Njira ya Davisson ya 1972 imajambula mzere wa kufupika uja n'kuwonjezerapo 3.8 mm ndi dayamita yogawidwa ndi 120. Kwa ife ndi 8.8 mm, ndiye pa 1350 kN malire ali pa 11.7 mm, ndipo 9.2 sanafikepo. Njirayi inapangidwira mapailo okhomera, ndipo pa othira m'dzenje imaweruza mwankhanza, choncho pailo ikapyola mzere wake musafulumire kuikana.

Pa njira ya Chin, yoloserera katundu amene pailo ingalepherere, mumagawa kutitimira ndi katundu, n'kujambula zotsatirazo motsatana ndi kutitimira. Mfundo zomalizira zimapanga mzere wowongoka, ndipo mukagawa 1 ndi kupendekeka kwake mumapeza katundu wolepherera. Manambala athu akupereka pafupifupi 2250 kN, kawiri ndi theka ka 900 kN. Ine nambala imeneyi ndimailemba ndi pensulo. Imakonda kukokomeza, ndipo tikulosera kuchokera pa pailo imene yangotsika 9 mm. Mu lipoti lembani kuti mayeso atsimikizira 1350 kN, osati 2250.

Zotsalazo n'zachangu. Onani kuti pa katundu wamkulu kutitimira kunaziraladi asanachotse. Onani chipika cha oboola kuti pailo yoyesedwa ikufanana ndi zinzake pa kutalika ndi nthaka imene inadutsa, chifukwa kontilakita akasiyidwa kusankha yekha amasankha imene anaithira bwino. Ngati pamwamba pali dothi lothiridwa chatsopano kapena dongo lofewa limene lidzatsike pakapita zaka, mayeso a masiku awiri anaona dothilo likuthandiza pailo pamene mtsogolo lidzaikokera pansi, choncho wokonza pulani achotsere gawo limenelo. Gulu la mapailo pansi pa kapu imodzi lidzatitimira kuposa pailo yoyesedwa payokha. Pailo ya chitsanzo chathu ine ndingaisainire kuti yakhoza pa 900 kN, girafu ndi mawerengedwe a levulo zili kumbuyo kwa lipoti.