Nditamwanso patatha miyezi 7

Miyezi 7 ndisanalawe mowa, ndinagwa Lachisanu la malipiro. Ndinatuluka kuntchito ku Ginnery Corner ndi njala, ndalama zili m'thumba, n'kutsikira ku Ndirande, pamalo anga akale. Botolo limodzi linabala masiku 4.

Kulumbira ndi kubisa sizinathandize. Manyazi ankandibwezera komweko.

Chinandithandiza n'kuuza achimwene m'mawa mwake. Popeza manja ankanjenjemera, anandiperekeza kuchipatala, chifukwa kusiya mwadzidzidzi thupi litazoloweranso mowa kungayambitse kukomoka.

Kenako tinalondola tsikulo mobwerera, ndipo ndinaona kuti ndinagwa ndisanagwire botolo: chilakolako chinadzutsidwa ndi njala, ndalama ndi njira ija. Tsopano ndimadya ndisanaweruke, malipiro amasunga akazi anga, ndipo minibasi ndimatsikira pena. Chilakolako chikabwera ndimaimbira achimwene; tikamacheza chimatha.