Njoka ya m'khola la nkhunda: foni ikatchula dzina, kafunseninso buku

Mvula yoyamba ikangogwa kuno ku Dedza, mafoni a ife alangizi amadzaza ndi zithunzi za njoka. Achule atuluka, mbalame zayamba kuikira, ndiye njoka nazo zili pakalikiliki. Mlimi amajambula n'kutumiza pa WhatsApp, funso lili limodzi: "Alangizi, imeneyi ndi yaululu?" Masiku ano ena sadikiranso ife. Amaika chithunzicho pa Google Lens, dzina limene layamba kutuluka n'kulitenga ngati chigamulo cha kubwalo la amfumu. Apa ndi pamene ndikufuna tikambirane, alimi anzanga, chifukwa foni ija siidziwa njoka. Imangofunafuna pa intaneti zithunzi zofanana maonekedwe ndi chanucho. Tsono pali njoka zina zimene zimapulumuka chifukwa chofanana ndi zinzake zoopsa, ndipo zikapusitsa mphamba ndi kabawi, foni nayo imapusitsika.

Mayi ena oweta nkhunda cha ku Linthipe ankadandaula kuti mazira akusowa. Nkhunda imaikira awiri, koma iwo akakwera kukaona ankapeza limodzi, pena chisa chili mbee. Tsiku lina madzulo mwana wawo anaunika ndi tochi n'kuona njoka yotuwa, ya mawanga akuda otsatana pamsana, itadzipinda pansi pa khola. Anaijambula kawiri ali patali, njokayo n'kulowa m'mulu wa njerwa. Ataika chithunzi pa foni, mayina anatuluka osiyanasiyana, ndipo pakhomopo panalowa mantha. Ana analetsedwa kupita kuseri kwa nyumba.

Nditafika tinayambiranso kufufuzako modekha. Mukatsegula Google pa foni, mubokosi lolembamo mawu muli kachizindikiro ka kamera. Mukakadina mumasankha chithunzi chimene munajambula kale. Ambiri amalekera pomwepo, chonsecho pamatuluka kabokosi kamene ngodya zake zimakokeka ndi chala. Kapanikizeni kuti muzingooneka njoka yokha, apo ayi foni imatanganidwa ndi njerwa ndi udzu. Ife tinafufuza kawiri, koyamba thupi lonse, kachiwiri mutu ndi khosi pokha. Tinawonjezeranso mawu akuti Malawi snake m'malo olembamo, kuti zithunzi za kutali zichepeko.

Mayina atatu ndiwo ankabwerabwera: Saw-scaled viper, Rhombic night adder ndi Rhombic egg-eater. Musamathamangire loyamba. Lembani onse papepala, ndipo pambali pa lililonse mulembe dzina lake la sayansi, lija la mawu awiri, limene mumalipeza mukatsegula tsamba pamene pali chithunzicho. Athu anali Echis, umene ndi mtundu wa yoyambayo, kenako Causus rhombeatus ndi Dasypeltis scabra. Dzina la sayansi ndi limene limalumikiza foni ndi buku. Mayina a Chingerezi amasintha dziko ndi dziko, ndipo athu a Chichewa nawo amasokoneza: njoka imene ambiri kuno timaitchula kuti mamba, ija imatukula mutu n'kutambasula khosi, m'mabuku ili pa dzina lina, loti cobra, pamene dzina loti mamba analipereka kwa ina.

Buku limene ndikunena ndi lija lozindikiritsa nyama za kutchire, lokhala ndi chithunzi, kufotokoza kwa maonekedwe, ndi kamapu kakang'ono pa nyama iliyonse. Chenjerani pogula kapena pobwereka. Mabuku ambiri amene amafika kuno ndi a kummwera kwa Africa, ndipo mapu ake amathera pa mtsinje wa Zambezi, pomwe ife tili kumpoto kwake. Amathandiza ndithu, pakuti njoka zambiri n'zofanana, koma sangakuuzeni ngati njokayo imapezeka ku Malawi. Lilipo lina lotuluka mu 2021, Snakes and other Reptiles of Zambia and Malawi, limene mapu ake ndi a kwathu kuno. Kalabu ya alimi itasonkherana n'kugula limodzi, lingakwanire mudzi wonse.

M'bukumo musayambe ndi kuyang'ana zithunzi, chifukwa mukatero mukungobwereza ntchito imene foni yachita kale. Pitani kumapeto, pa mndandanda wa mayina, mupeze tsamba, muyambe ndi mapu. Dzina loyamba lija linagwera pomwepo. Njoka za mtundu wa Echis ndi za kumadera ouma a kumpoto, kuyambira cha kumpoto kwa Kenya, kumadzulo kwa Africa, mpaka ku India. Ku Malawi kulibe. Foni inazitulutsa chifukwa pa intaneti zithunzi zake n'zambiri, komanso mawanga ake n'ofanana ndi a njoka yathuyi. Zinatsala ziwiri, ndipo zonse ziwiri zimapezeka kuno, ndiye mapu anatithandiza kufika pomwepo basi.

Apa ndi pamene pamafunika kuwerenga mawu a m'buku, ndi kufatsa. Njoka ziwirizi zikakula zimatha kulingana kutalika, theka la mita kapena kupitirirapo, ndipo zonse zili ndi mawanga akuda pamsana. Imodzi, Causus rhombeatus, ndi yaululu. Imadya achule, imakonda malo a chinyontho monga kudimba ndi m'mphepete mwa dambo, ndipo ikakulumani pamapweteka ndi kutupa. Inayo, Dasypeltis scabra, ilibe ululu, ngakhale mano enieni ilibe. Chakudya chake ndi mazira a mbalame okhaokha.

Chosiyanitsa choyamba chili pamutu. Yaululu ija ili ndi chizindikiro chimodzi chakuda chonga chilembo cha V pamwamba pa mutu penipeni, nsonga yake yofika pakati pa maso. Yomeza mazira nayo ili ndi V, n'chifukwa chake anthu amasokonezeka, koma chachikulucho chimakhala pakhosi, kumbuyo kwa mutu, ndipo kawirikawiri pamakhala tina tating'ono totsatana nacho. Chachiwiri ndi thupi. Yaululu ndi yonenepako, ya mchira waufupi, khungu looneka lofewa. Yomeza mazira ndi yowonda, kamutu kakang'ono kosasiyana kwenikweni ndi khosi, khungu lokhakhala ngati chitsononkho.

Chachitatu ndi diso, ndipo pamenepa mvetserani bwino. Pali mawu amene amayenda m'mafoni akuti njoka ya diso longa la mphaka, lija kamwanadiso kake n'kong'ambika choimirira, ndiyo yaululu, ndipo ya kamwanadiso kozungulira ndi yabwinobwino. Malangizo amenewo ndi a ku America, ndipo kuno angakuphetseni. Pa njoka ziwirizi zili chosemphana: yopanda ululu ndiyo ili ndi diso la mphaka, yaululu ili ndi lozungulira. Mamba amene timamuopa uja naye diso lake ndi lozungulira.

Titakulitsa chithunzi choyamba cha mwana uja, mutu unali mumthunzi, diso silinkaoneka. Chachiwiri chinatithandiza. Chizindikiro chachikulu cha V chinali pakhosi, mutu unali waung'ono, thupi lowonda. Zizindikiro ziwiri zinagwirizana, chachitatu chinasowa. Ine pa njoka zizindikiro ziwiri sizindikwanira, ndiye ndinafunsa zimene chithunzi sichinganene. Kodi njokayo inachita chiyani itaunikidwa? Mwanayo anati inadzipinda mokhotakhota, thupi likukhudzana lokhalokha n'kumamveka phokoso ngati munthu akupala nsungwi, kenako inayasamula, m'kamwa muli bii. Buku likunena zomwezo za yomeza mazira: imakhuza khungu lake lokhakhalalo kuti iopseze mdani. Yaululu ija imadzifufumitsa thupi n'kumatulutsa mpweya mwaukali.

Umboni wotsiriza tinautola pansi. Njoka yomeza mazira imameza dzira lathunthu, timafupa ta msana totulukira kummero n'kuliswa, zam'kati n'kupita m'mimba, chigoba n'kuchilavula chitaphwanyika ndi kupindika ngati kabwato. Pansi pa kholalo tinapeza tizigoba tiwiri totero, toyera, touma. Khoswe akadya dzira amasiya chigoba chobooka ndi zotayikira, galu sasiya kanthu. Tsopano foni, mapu, mawu a m'buku, khalidwe la njoka ndi zigoba zinali kunena chinthu chimodzi.

Mayi aja anafunsa ngati ndi yomweyo imene inkawabera mazira a nkhuku chaka chatha. Ndinakayika. Dzira la nkhunda ndi laling'ono, njoka ya theka la mita ingalimeze, koma la nkhuku limafuna yaikulu ndithu ya mtunduwu. Kudziwa dzina la njoka imene mwaiona sikutanthauza kuti mlandu uliwonse wa pakhomo ndi wake. Mamba amalowanso m'khola la nkhuku, ndipo iyeyo amameza mazira osalavula chigoba, anapiye amadyanso. Mukamasowa mazira a nkhuku koma tizigoba topindika mulibe, musalowetse dzanja m'chisa mumdima poganiza kuti ndi kanjoka kopanda mano kaja.

Njirayi ili ndi pothera pake. Chithunzi cha njoka yophwanyidwa mutu ndi khasu sichithandiza, chifukwa zizindikiro zofunika zili pamutu pomwepo, komanso njoka yongophedwa kumene imatha kuluma, musaigwire kuti muijambule bwino. Jambulani muli patali mamita awiri kapena atatu, kuposa pamenepo ngati yatukula mutu, poti mamba wina amalavula ululu m'maso. Kulitsani chithunzi ndi zala m'malo moyandikira. Ngati n'kotheka pezani chimodzi cha pamwamba choonetsa mutu ndi msana, china cha m'mbali choonetsa diso, ndipo pakhale chinthu chodziwika kukula kwake, monga njerwa. Ana a njoka ndi ovuta kwambiri, chifukwa ena amasiyana mtundu ndi makolo awo, ndipo buku silionetsa misinkhu yonse. Foni ndi buku zikasemphana, kapena chizindikiro chosiyanitsa chikapanda kuoneka, itengeni njokayo ngati yaululu. Mukhozanso kuika chithunzicho pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lozindikiritsa zamoyo, pamodzi ndi malo ndi tsiku, anthu odziwa njoka n'kuchiona, koma yankho lake limatha kuchedwa.

Munthu akalumidwa, zonsezi zisiyeni. Musataye nthawi ndi netiweki kapena kutsegula masamba a buku. Musatemere, musayamwe bala, musamange ndi chingwe mothinitsa. Muvuleni mphete ndi zibangiri, asayendeyende, mupite naye kuchipatala, chithunzi mukaonetse adokotala kumeneko ngati chilipo kale.

Ku Linthipe kuja njokayo sitinaisake. Tinasamutsa mulu wa njerwa uja masana, ndi makasu ndi nsapato zotseka, tinalambula udzu kuzungulira khola, ndi kudula nthambi ya pichesi imene inkakhudza denga lake. Pa mzati uliwonse wa kholalo tinakhomapo lata lopindidwa ngati chipewa choyang'ana pansi, longa lija timaika pa miyendo ya nkhokwe potchinga makoswe, chifukwa njoka ya mtunduwu imakwera mtengo mosavuta.