Werengani manambala a pa thumba musanagule feteleza wa kadimba

Amene timalima kuseri kwa nyumba kuno ku Mzuzu timakonda kugula feteleza wopima ku msika, tikumangoyerekeza kuchuluka kwake. Ine ndinasiya nditamvetsa manambala aja.

Pa thumba la feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S, 23 akutanthauza kuti pa makilo 100 aliwonse, 23 ndi naitrojeni. 21 ndi fosifeti, 0 ndi potashi, ndiye kuti mulibemo, ndipo 4 ndi salufa. Yureya ali ndi 46, naitrojeni yekhayekha.

Tinene kuti alangizi akuuzani makilo 92 a naitrojeni pa hekitala ya chimanga, ndipo kadimba kanu ndi mamita 20 kwa 10. Amenewo ndi masikweya mita 200, gawo limodzi mwa magawo 50 a hekitala. Gawani 92 ndi 50, mupeza makilo 1.84.

Apa ndi pamene ambiri timaphonya: 1.84 si feteleza wogula, ndi naitrojeni. Makilo 2 a wokulitsa uja akupatsani 0.46 basi. Yotsala 1.38 muigawe ndi 0.46 ya mu kilo imodzi ya yureya, mupeza makilo 3 a wobereketsa.

Kadimbako kayezeni ndi chingwe, chifukwa mapazi amanama. Yureyayo muzikwirira, mukangomwaza pamwamba naitrojeni wina amauluka.